Kalata ya mayi wa ku Zemba

Chaka chimene bungwe lathu linkafuna mlangizi wa alimi a mtedza, makalata ofunsira ntchito ankasankhidwa ndi ine, pa ofesi yathu ya pa boma. Abwana a ku Chipata ananditumizira pepala la zizindikiro zodziwira kalata yolembedwa ndi makina a pa foni aja, amene ukangowauza amakulembera chilichonse. Anati atopa kuitana anthu a Chingelezi chokoma papepala, pa intavyu n'kumangoti kukamwa yasa.

Zizindikirozo zinali Chingelezi chosalala chopanda cholakwika, ndime zofanana kutalika, mawu otamanda bungwe amene angakwane pa bungwe lililonse, ndi malo oiwalika pamene makina amati ikani dzina apa. Chachikulu, chimene abwana anadula mzere kunsi, chinali kalata yosatchula mudzi, munda kapena ntchito imene mwini wake anagwirapo. Pansi penipeni panalembedwa kuti zonsezi si umboni. Mzere umenewo abwana sankaukonda.

Kalata ya mayi wina wa ku Zemba inagwa pa zizindikiro pafupifupi zonse. Mayiyo ndinkamudziwa. Anaphunzira za ulimi, ntchito osaipeza, ndipo ankayenda pa njinga kuphunzitsa amayi anzake kuumitsa mtedza kuti usachite chuku, popanda malipiro. M'kalatamo zonsezi munalibe. Munali kudzichepetsa ndi kuthokoza basi.

Ndinamuimbira foni.

"Kalatayi munalemba nokha?"

"Ndinalemba ndekha, kenako ndinapita nayo kwa akulu a mpingo, aja anali aphunzitsi, kuti andikonzere."

"Nanga za magulu a amayi zili kuti?"

"Anati ndichotse. Akuti munthu sadzitama pamaso pa akuluakulu, ntchito zako azinene ndi ena."

Ndinapsa mtima, koma osadziwa woti ndimupsere. Akuluwo anamulangiza momwe tonse tinaleredwera.

Ndinawafotokozera abwana, mpaka ndinawawerengera mzere wapansi uja. Iwo anati, "Mukayamba kuimbira amene mukuwadziwa, enawo muwaimbiranso? Tione zimene zili papepala." Pamenepo sanalakwe, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Dzina la mayiyo linachotsedwa.

Ntchito anaipeza mnyamata wa ku Pembamoyo. Kalata yake inatchula midzi, mbewu, ngakhale mlatho umene umaduka dzinja. Atazolowera anandiuza yekha, akuseka, kuti anauza makina zonse zimene anachitapo, iwo n'kumusanjira. Sananame kanthu, ndipo ntchito amaidziwa.

Mayi uja ndinakumana naye pa msika, atamanga thumba la mbewu pa njinga. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa motsitsa mawu ngati ulendo wina alembe pa foni.

"Lembani paliponse," ndinatero, "koma munene zimene munachita."



"Ndiye kwa akulu aja ndisapitenso nayo?"

Ndine wa mpingo womwewo, ndipo akuluwo anandiphunzitsa inenso kulemba. Ndinamuuza kuti asapite.