Msoko wa kukhwapa

Bwerani kuno nonse, siyani mtedzawo, mumalizabe kuswa. Iwe zimitsa foniyo. Ndamumva uyu akudandaula kuti aphunzitsi awo akumawasinthanitsa makope kuti azichongerana, ati iye mnzake amangomulembera kuti zili bwino kuopa udani. Khalani chete, ndikuuzeni zimene mawu amenewo anandichita ine.

Ine sukulu yanuyi sindinaiponde. Imene ndinalowako ndi ya amayi, yosoka, ku Mitundu, nthawi ija ayufi ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Tinkakumana Lachitatu m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, amayi khumi ndi awiri. Aphunzitsi athu anali mtsikana wotumidwa ndi boma, wamng'ono thupi, mawu ake ngati akupepesa.

Tsiku lina akuti, "Amayi, ku Nathenje akufuna amayi awiri akaphunzire kusoka pa makina. Aliyense asoke diresi ndi manja, tikaonetse kumeneko. Koma ine sindidzakhala nanu mpaka kale. Ndikufuna muzidziwa nokha ngati chovala chasokeka."

Poti ambirife sitinkawerenga, anatiikira zoyang'ana pa zala. Chala choyamba: ulusi uyende mofanana, osati apa patali apa pafupi. Chachiwiri: msoko ukaukoka usaseke. Chachitatu: mpendero ugone, ndipo diresi ibise mawondo, paja linali lamulo. Chachinayi: batani lilowe m'bowo lake osakakamiza.

Kenaka anatulutsa diresi yobiriwira. "Iyi musafunse mwini wake. Iyeseni pa zala zinayi zija."

Ife pakamwa pathu panatseguka. Wina akuti, "Anasokayu anali ndi njala." Wina, "Kapena ankathawa mwamuna." Ine ndiye ndinaposa onse, mukundidziwa. "Iyi ndi diresi kapena thumba la fodya?"

Aphunzitsi akuti, "Ndinasoka ndine, dala. Tsopano mayi, mwati thumba la fodya. Ndikapita kunyumba ndi mawu amenewo, ndikakonza pati?"

Aphunzitsi anapitiriza.

"Munene chala chimene chakwana. Munene chimene sichinakwane, muloze malo ake. Munenenso chochita. Munene za diresi, osati za mwini wake. Kutukwana sikuthandiza, komanso zili bwino sathandiza munthu."

Tinayeserera masabata atatu mpaka tinazolowera. Unkayamba kuyesa yako wekha, kunena pamaso pa anzako kuti changa chalephera ndi chala chakuti. Ukatero umapatsa mnzako.

Tsono mnzanga woyesana naye amene aphunzitsi anandipatsa ine anali aphungu anga. Inu ana a lero simudziwa. Phungu ndi mayi amene amakugwira dzanja kuchinamwali, amakulangiza, amakuona zonse. Anga aja anandigwiranso pobereka mwana woyamba, amalume anu aakulu. Munthu ameneyo sumuyang'ana m'maso, sumuuza kuti apa mwalakwa. Iye ndiye amauza iwe.

Anali amasiye, ndipo msana unali utayamba kukana khasu. Makinawo ankawafuna ndi mtima wonse. Ankati, "Ndikadziwa makina ndizikakhala pakhonde la sitolo, ndipume kumunda." Ndipo kusoka ankatha kuposa tonsefe. Koma maso anali atayamba kuchita chifunga, osafuna kuti anthu adziwe.

Tsiku loyesana anaimirira ndi diresi yawo yabuluu. "Ine ndayesa yanga. Zala zonse zakwana, mmene ndaoneramo." Atakhala pansi anandinong'oneza, "Mwana wanga, uyang'anitsitse. Maso anga ndiwe."

Anayamba ndi iwo kuyesa yanga. Sanandinyengerere. "Batani lili bwino. Mpendero wako wafufuma kumbuyoku. Umasule kuyambira apa mpaka apa, upinde pang'onopang'ono, uzigwiriza ndi mapini." Ndinakakonza tsiku lomwelo, unagona.

Ine ndinatenga yawo, kuitembenuza. Ulusi ngati wa makina. Mpendero wogona. Batani lolowa bwino. Nditafika kukhwapa kwa dzanja lamanzere, ndinaona. Paja poyamba umangogwiriza nsalu ndi ulusi wotalikirana, kenaka umasoka zenizeni pamwamba pake. Iwo mbali imeneyo anagwiriza basi, n'kuiwala kubwererapo. Ulusi wabuluu pa nsalu yabuluu, sanauone. Ndinakoka pang'ono, msoko unaseka. Ndinaubisa ndi chala.

Ntchito yake inali ya masana amodzi, ana inu. Masana amodzi.

Koma amayi khumi anali akundiyang'ana, ena a iwo analipo kuchinamwali changa. Ndinaona ngati ndikuvula aphungu anga pagulu.

"Zili bwino," ndinatero.

Aphunzitsi akuti, "Chili bwino n'chiyani, mayi? Tiuzeni pa zala."

"Choyamba chakwana. Chachitatu chakwana. Chachinayi chakwana."

"Mwadumpha chachiwiri. Misoko mwaikoka yonse?"

"Ndakoka."

"Yagwira?"

"Yagwira."

Aphungu anga anandisisita pabondo.

Mumtima ndinati ndikawauza panjira, tili awiri. Panjira tinali asanu. Mawa lake ndinafika mpaka pakhomo pawo, ndinawapeza akuonetsa diresi ija kwa achemwali awo, akuti, "Mwana wanga waiyesa, akuti yakwana." Ndinamwa madzi n'kubwerera. Ndinadzitonthoza kuti aphunzitsi anati Lachitatu lomaliza adzayang'ananso okha madiresi onse, adzaona ndi iwo. Lachitatu limenelo kunabwera uthenga wa chipani kuti amayi onse akayeserere magule, kukubwera akuluakulu. Sukulu sinachitike. Loweruka tinakwera lole ya ku Nathenje, madiresi ali m'mipango.

Kumeneko anatiika m'holo, amayi a magulu ambiri. Woyesa anali mayi wamagalasi wochokera ku Lilongwe. Ankachita zomwe zija za zala zathu, palibe chachilendo. Atafika pa yabuluu anaima nthawi yaitali. "Mwini wake ndani? Dzanja ili ndi labwino." Aphungu anga anaimirira, akukonza mpango kumutu. Mayi uja analowetsa manja m'khwapa, n'kukoka.

Phwee. Dzanja la diresi linatsala likulendewera.

Wina kumbuyo anaseka. Mayi uja akuti, "Pepani mayi, apa simunasoke. Kodi kwanuko simuyesana?"

Aphunzitsi athu anangotembenuka kundiyang'ana ine.

Anasankha awiri. Wachiwiri ndinali ine, ndi mpendero umene anandikonzetsa iwo aja. Makina amene munkawaona m'nyumba muno chiyambi chake ndi chimenecho.

Pobwerera m'lole, aphungu anga diresi anaifumbata pamiyendo. Nditi ndikuuziretu, litatha tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Ndinkapita ndi nkhuni, ankalowa m'nyumba. Chaka chotsatira mwana wawo anawatengera ku Likuni, maso atatheratu, ndipo anamwalirira komweko. Ndinakagona pamaliro, koma munthu sapepesa bokosi.

Tsono tsiku lija titatsika lole pa Mitundu, anadikira anzathu apite patsogolo. Anandifunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, pajapa sunaone?"

Ndikanatha kunama kachiwiri, koma ayi. Ndinagwada pamsewu pomwepo. "Ndinaona, amayi. Ndinachita ulemu."

Anandiyang'ana ndi maso awo achifunga aja, n'kuyamba kuyenda. Anafika mpaka pa mtengo wa mbawa uli pokhotera kumsika. Pamenepo anatembenuka, anakweza diresi ija m'mwamba, dzanja likulendewera, n'kukuwa anthu onse akumva.

"Ulemu wakowo ndiuvale? Ndinakuuza kuti maso anga ndiwe!"