Kuseri kwa Firiji ya Achimwene

Pa lesitilanti ya pakona onse amawatcha Achisanu, ngakhale ntchito yawo ndi ya pamoto. Ndi ophika, munthu wa mawu ochepa, koma likakwana tsiku loyeretsa mafiriji mwezi uliwonse amasanduka wina. Ngakhale mlamu wawo, mwini malowo, amayenda chonyang'ama.

Pepala la ntchitoyo analemba ndi malemu achimwene awo, amuna a mlamuyo, ndipo likadali pakhoma, mafuta okhaokha. Achisanu saliwerenganso, lili m'mutu. Amasamutsira zakudya m'mabokosi a ayisi, nyama yaiwisi payokha, n'kuzimitsa mafiriji. Ayisi woundana m'kati amamusungunula poikamo beseni la madzi ofunda. Wofuna kugoba ndi mpeni amamva zake, poti akaboola paipi gasi yense wathawa. Mashelefu amatsuka ndi madzi a soda, kabowo kotulukira madzi amatsegula, kenako amapanitsa kapepala pachitseko. Kakasololoka mosavuta ndiye kuti mpira wa chitsekowo watha.

Chinthu chimodzi chokha ankachidumpha, kukoka firiji yaikulu youmitsira nyama kuti asese fumbi pa timapaipi takuseri. Imeneyi inali ntchito ya awiri, iwo mbali ino, achimwene mbali inayo, akunenana za ulesi. Chimwalirireni achimwenewo firijiyo sinasunthepo. Zoti wina agwire mbali ya malemu mtima unkakana, kuuma mutu nakonso n'kwa kumtundu.

Firiji ilibe chisoni. Inayamba kulira osapuma, muvi wa choyezera kuzizira osafikanso pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mlamu anasamutsira nyama m'firiji ina, nanena kuti sangadwalitse makasitomala chifukwa cha chinkhalamba chimenechi, aitana wogula zitsulo adzachinyamule. Achisanu zinawapweteka kwambiri, pakuti firijiyo anabwera nayo ndi achimwene tsiku lotsegulira malowo.

M'mawa mwake mlamu anawapeza atazimitsa firijiyo, akulimbana nayo okha, thukuta kamukamu, dzanja lina pamsana. Anayang'ana iwo, nayang'ana mbali yopanda munthu ija.

"Alamu, mwakhala mukudikira ndani?"

Achisanu anangogwiranso mbali yawo ya firijiyo.

Mlamu anavula nsapato zake zazitali, nagwira pomwe ankagwira amuna awo. Anakoka, firiji n'kusuntha. Kuseri kunali fumbi losakanizika ndi mafuta, lochindikala ngati bulangete, moti timapaipi tinalibe potulutsira kutentha. Achisanu anasesa ndi burashi yofewa pang'onopang'ono, maso atafiira. Anati ndi fumbi, mlamu sanawatsutse.

Anaibwezera osaigundika kukhoma kuti mpweya uziyenda, n'kuiyatsa. Pofika madzulo muvi unali utatsika, ndipo firiji inangoti zii, kupuma koyamba pa masabata angapo. Achisanu anafunsa chapansipansi ngati wa zitsulo uja akubwerabe.

"Abwere adzatenge chiyani?" anatero mlamu akupukuta m'manja. "Koma mwezi wamawa mundiitane. Mbali iyi ndi yanga tsopano."