Dzenje la m'munda wa kwa Noel

Mayi Ireen Kamphinda aphunzitsa achinyamata zaulimi ku Nsaru kwa zaka khumi, ndipo sakhulupirira yankho losalala. Tsiku lina atafunsa zimene zimakokolola nthaka, ophunzira asanu analemba za chipale chofewa chikamasungunuka. Ku Nsaru kuno! Anadziwa kuti yayankha ndi foni.

Anasintha funso: "Kakumbeni dzenje m'munda wa kwanu. Dothi lake ndi lotani, madzi amvula amalowera kuti, nanga inu mungachitepo chiyani? Fotokozani chifukwa."

Noel, mmodzi mwa asanu aja, analemba bwino kwambiri moti mayiwo anakayikanso. Loweruka anapalasa njinga mpaka kumundako. Dzenje analipezadi, bambo ake a Noel akudandaula kuti mwanayu wawatopetsa ndi mafunso.

Komabe mayiwo anagwada n'kupisamo dzanja, kuti atsimikize okha ngati dothilo linalidi lamchenga monga momwe Noel analembera.