Zala Ziwiri

Chaka chomwe ndinakayesa mwayi wa usilikali, anandibweza ndisanathamange n'komwe. Pakhomo la bwalo panali ndodo yoyezera msinkhu. Ndinavula nsapato, ndinaima njo ngati mtengo wa magetsi, koma woyezayo anandionetsa zala ziwiri, kutanthauza kuti n'zomwe zaperewera. Anandiuza kuti ndikadye kaye.

Kwathu ku Ngokwe sindinabwerere, chifukwa amayi anali atalengeza kale mudzi wonse kuti mwana wawo akukavala yunifolomu. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa siteshoni ya sitima pa Balaka n'kuyamba kupalasa kabaza. Anzanga a pasiteji ankanditcha kafupi, ati wokwera amaona msewu pamwamba pa mutu wanga. Ndinkaseka nawo, koma ndikatseka chitseko ndinalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndinkasungulumwa kwambiri. M'mawa uliwonse ndinkalendewera pa nthambi ya mango mpaka manja kuchita matuza, poganiza kuti thupi limatamuka ngati legeni.

Kuchipatala ndinkaopa kupitako. Munthu ungaime bwanji pamzere wa odwala malungo, n'kukanena kuti vuto lako ndi kufupika? Choncho ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba kalata yopita kwa adokotala. Ndinapepesa adokotala powataitsa nthawi, ndinafotokoza za zala ziwiri zija, ndipo ndinafunsa ngati ndingatalikebe asanadzalembenso asilikali, kapena ngati pali jekeseni wake. Pa zaka ndinalemba 17. Kalatayo ndinapatsira anamwino ena omwe ndinkawanyamula popita kuntchito, nditaimata ndi phala kuti asaiwerenge.

Apa ndiulule. Zaka zanga zenizeni zinali 22. Pomwe ndinkabwereza Sitandade 8 kachitatu, amalume anandidulira zaka zisanu kuti ndisaoneke nkhalamba posankhidwa kupita kusekondale. Ambiri kwathu anachita zomwezo, ndipo kwa ine zinali zosavuta popeza thupi linkavomereza bodzalo. Ndinazitchula zaka zapapepalazo kambirimbiri mpaka zinakhazikika pakamwa. Polemba kalata ija, ndinaika 17 osaganizanso kawiri.

Yankho linabwera patatha sabata, litalembedwa kuseri kwa kalata yanga yomwe. Adokotala anati mnyamata wa zaka 17 nthawi zina amakhala atatsala ndi kakukula pang'ono, makamaka ngati anachedwa kutha msinkhu. Anati mapiritsi otalikitsa a pamsika ndi bodza, kulendewera sikutalikitsa fupa, ndipo msinkhu umatsata kwambiri makolo ndi kadyedwe ka paubwana. Pomaliza anati ndipite akandijambule dzanja, aone ngati mafupa akadakula.

Ine ndinangotolapo mawu amodzi, kakukula pang'ono. Miyezi inayi ndinayenda nayo kalatayo m'thumba la malaya, ndipo kojambulitsa sindinapite. Pansi pa mtima ndinkadziwa chomwe ndinkathawa. Koma anamwino aja anandiumiriza, ati adokotala akufunsa za mnyamata wa kalata, mpaka tsiku lina nditawatsitsa anandigwira pamkono n'kundilowetsa.

Adokotala anali mayi wachikulire, wosachedwa ndi nkhani. Atandijambula, anakweza chithunzi cha dzanja langa kuwindo n'kundilozera kumapeto kwa mafupa, pafupi ndi pomwe timavala wotchi. Anati mwa munthu amene akukula pamaoneka kampata, chifukwa pamakhala fupa lanthete lomwe limatalikitsa fupa lonse. Kampatako kakatsekeka, kutalika kwatha. Pa ine panalibe kampata, ngakhale kamzere.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana ndevu.

"Achimwene, zaka zanu zenizeni ndi zingati?"

Ndinawauza. Sanakalipe, sanasekenso. Anangoti akanadziwa zimenezo sakanandisunga miyezi yonseyi ndi chiyembekezo, akanandiyankha tsiku lomwelo kuti iyayi. Ndinafunsabe ngati palibe njira ina iliyonse, poti ndi zala ziwiri zokha.

"Simukudwala," anatero. "Apa ndi pomwe thupi lanu linafika."

Ndinatuluka, ndinakankha njinga mpaka kuchipinda osaikwera. Panalibe woti ndimuuze. Amayi akaimba foni ndinkangoti zikuyenda, ndipo iwo ankati akundipempherera.

Tsiku lolembanso asilikali litakwana, m'mawa ndinali pasiteji ngati masiku onse. Anyamata ankatsika m'maminibasi ndi maenvulopu a khaki, onse akufuna kabaza wowafikitsa kubwalo msanga. Ndinanyamula asanu ndi mmodzi tsiku limenelo. Womaliza anali wochokera kwa Kalembo, wamtali moti mapazi ake ankakhula pansi, ndipo njira yonse ankandifunsa ngati kuthamangako n'kovuta. Ndinamulangiza kuti asayambe ndi liwiro, ndiponso asamwe madzi ambiri. Titafika pageti anadabwa kuti ndikuzidziwa bwanji zonsezi, n'kufunsa ngati inenso ndikulowa.

"Ine ndangokuperekezani," ndinatero.

Ndinatembenuza njinga n'kubwerera kusiteji, kumbuyo kuli kopepuka.