Mmene ndinaphunzirira kupera utoto

Banja langa litatha ndinabwerera kwathu ku Chiringa, ndipo amalume ananditenga kuti ndiziwathandiza m'kashedi kawo kuseri kwa msika. Iwo ankajambula zithunzi za m'matchalitchi pa matabwa, ndipo utoto ankapanga okha kuchokera ku dothi. Ndinkaganiza kuti andipatsa burashi. Anandipatsa ndowa ziwiri ndi mphero.

Tinkakumba katondo wofiira ndi dothi lachikasu m'mphepete mwa khwawa. Dothilo ndinkalivundula m'madzi, kudikira pang'ono kuti mchenga utsike, kenako kutsanulira madzi amtunduwo m'ndowa ina kudzera pa nsalu. Apo ndiye panali povuta, chifukwa ndowayo sinkafunika kuigwedeza mpaka mawa lake. Matope osalala akakhazikika pansi, ndinkakhuthula madzi oyera apamwamba n'kuyanika matopewo. Akauma, ntchito yopera inkayamba: kaufa pang'ono pamwala, madontho a madzi, mwanamphero n'kumazungulira. Phalalo likamwazikira m'mbali, ndinkalisonkhanitsa ndi mpeni n'kuyambiranso.

"Kodi sizinakwane, amalume?" ndinkafunsa, mapewa akuphwanya.

"Tamvera mwalawo. Ukulirabe."

Poyamba sindinkamva kanthu. Patapita miyezi khutu linatseguka. Utoto wosapereka umakhwekhwereza, koma ukasalala mwala umangoti zii, dzanja n'kumaterereka ngati pali mafuta. Ndinaphunziranso kukazinga dothi lachikasu pa phale mpaka litafiira, ndi kusungunula utomoni wa mthethe womatira utoto. Utomoni ukachepa, utoto umayoyoka pa thabwa. Ukachuluka, umang'aluka pouma. Ndinasiya kuyang'ana dzuwa. Nthawi zina ndinkangozindikira kuti msika wabalalika ine ndili pamwala.

Chaka china akatekisiti a ku Mkhumba anaitanitsa chithunzi chachikulu cha Pasaka. Amalume anadwala malungo ntchito ili pakati, ndipo atadzuka masiku anali atawathera. Nkhope za anthu zinali zisanapakidwe. Mtundu wa khungu tinkaupanga posakaniza dothi lokazinga lija ndi makala a zitsononkho, ndipo makala ndi ouma mutu popera.

"Bweretsa utotowo choncho, anthu akudikira," anatero amalume, burashi ili m'manja.

Ndinatapa pang'ono n'kutikita pakati pa zala. Munali timchenga.

"Ayi, amalume. Pankhope pazioneka timadontho. Khalani kaye pansi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando n'kukhala, ine n'kumapera mpaka dzuwa litapendeka. Nditawapatsira m'kambale, anapaka tsaya limodzi, utoto n'kuyenda wosalala bwino, osasiya mzere.

Akatekisiti atabwera ndi njinga ziwiri kudzanyamula thabwalo, anasisita m'mphepete mwake n'kufunsa sitolo imene tinagula penti wotere. Amalume anandiloza ndi chibwano.

"Funsani mayiwa. Ine ndimangopaka."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu nditagwirira thabwalo kumbuyo, zikhadabo zanga zili psuu, ndipo aliyense wofunsa m'njira ndinkamuyankha ndine.