Manambala Achilendo pa Foni Yanga

Amuna anga amayendetsa thiraki ya ku Beira. Foni yawo ikatha moto panjira amabwereka ya anzawo, ndiye ine nambala yachilendo sindinkaisiya kuti ingolira. Mbava za pafoni zinandipezera pomwepo.

Ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Ndili mkati moyezera kasitomala nsalu, foni kulira: mwawina mphoto. Ndiikeko pansi, kuliranso: ndatumiza ndalama kwa inu molakwitsa, bwezani chonde. Kuyang'ana mu akaunti mulibe chalowa, kauthengako walemba yekha pa nambala wamba. Ngakhale ndili pa swala mu mzikiti, foni inkangonjenjemera m'chikwama.

Amene anandipsetsa mtima zedi anaimba Lachisanu, mawu ake aulemu ngati wa mu ofesi.

"Mayi, tikuimba kuchokera ku likulu la netiweki yanu. Layini yanu itsekedwa lero chifukwa sinalumikizidwe ndi chiphaso chanu."

Ananditchula dzina lonse. Ndinatsala pang'ono kumukhulupirira, kenako ndinakumbukira kuti aliyense akayerekeza kukutumizira ndalama, dzina limatuluka lokha.

"Tchulani pini yanu tikonze pompano," anatero.

"Achimwene, kampani yake iti yoimba pa nambala ngati yangayi? Ndipo pini yanga mukuifuniranji? Ofesi yanu ndikuiona apa. Tulukani pakhonde ndikuoneni."

Anatukwana mayi anga ondibereka, n'kudula.

Tsiku limenelo nambala iliyonse yachilendo ndinkangoitseka osayankha n'komwe. Oimbawo sanatope, amangosintha simu, koma ine ndinkatsekabe.

Mawa lake masana mng'ono wa amuna anga anatulukira pa shopu, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, foni yanu yatani? Achimwene ali m'chipatala ku Mwanza. Thiraki inagwera kumbali dzulo, athyoka mkono. Akhala akukuimbirani pa foni ya anesi, sikulowa."

Ndinatsegula pomwe pamakhala manambala otsekedwa. Ya anesiwo inali momwemo, pakati pa mbava.

Nthawi yomweyo ndinakwera minibasi ya ku Mwanza. Ndinawapeza amuna anga atakhala pabedi, malaya omwe anagwa nawo ali m'thupi, opanda wowachapira kapena wowapatsa madzi osamba. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndimaganiza kuti kunyumba kwagwa zovuta." Sanandidzudzule, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

Titabwerera kwathu ku Chitawira ndinapita ku ofesi ya kampaniyo ku Chichiri. Mtsikana wa pakauntala anandimvetsera bwino. Anati iwo pini safunsa munthu ngakhale pang'ono, analemba nambala ya wotukwana uja, n'kundilangiza kuti ndiziwatseka.

"Kutsekako ndi kumene kwandifikitsa pano," ndinamuyankha mokweza, mpaka anthu a pamzere anatembenuka. Mtsikanayo analibe mlandu, koma ine ndinalibe wina womukalipira.