Makina a Mai Telala ndi Pakamwa pa Alamu

Mai Telala anakulira pa makina osokera, ndipo ana atatu awalera ndi singano. Mwini nyumba wa shopu yawo, munthu woumira ngati mwala, iwo anamuuza kuti denga likudontha. Iye osalikonza. Mvula itabwera, makina a magetsi anapsa, nsalu za makasitomala zinawola. Mai Telala anamusumira, khoti n'kuwatumiza kaye kwa mkhalapakati. Iwo ankangofuna makina sukulu zisanatsegulidwe, chifukwa mayunifolomu ndiwo amawadyetsa.

Ndiye pali alamu awo, otchedwa Jaji. Ntchito alibe, koma milandu amaidziwa yonse, ya pa wailesi.

"Mamiliyoni asanu, alamu! Aone polekera ameneyo!"

Kwa loya anawatsatira osaitanidwa, tayi ali pakhosi. Loyayo sanatengeke.

"Za makina zili bwino, mayi. Uthenga wodandaula za denga uli mufoni, wokonza makina walemba kuti ndi madzi. Koma anali akale, khoti siliwerengera mtengo wa atsopano. Nsalu zowolazo zili kuti?"

"Ndinataya. Zinkanunkha."

"Munajambula? Eni nsalu munawabwezera ndalama, anasaina?"

"Munthu wopemphera naye n'kumusainitsa?"

"Nanga zomwe mumapeza pamwezi munalemba?"

Mai Telala anaseka. "Kulemba? Kuti bambo a kunyumba aone akamwere?"

"Ndiye zimenezo n'zofooka. Mukawina kukhoti, mwina 900 sauzande, patatha chaka kapena kuposa. Chotsanipo 300 ya ine ndi masiku otseka shopu, komanso mutha kuluza. Tiyambire pa miliyoni, tiyembekeze 700 kapena 800. Akatsika pansi pa 600, tinyamuke. Nambala yomalizayo ikhale mumtima."

Mai Telala anawerengera chamumtima. 600 igula makina ogwirapo kale ntchito, 800 ibwezanso za nsalu. Anavomera.

Tsiku la zokambirana anakhala pa benchi ya mukhonde kudikira. Jaji anatulutsa foni kuimbira amuna a Mai Telala, n'kuyamba kukuwa ngati akuitanira minibasi.

"Achimwene, akazi anuwa apusitsidwa! Akuti ngakhale 600 alandira! Loya wamantha ameneyu!"

Kuseri kwa chipilala kunali mwini nyumba, akupukuta magalasi pang'onopang'ono.

Mkati muja sanavutike n'komwe. Loya anati miliyoni, iye 600. Loya anatsika pa 850, iye 600, uku akuyang'ana wotchi. Mkhalapakati anayesa uku ndi uku, munthu osasuntha. Asunthirenji, mtengo anaumva kale waulere?

Mai Telala anaganiza za mayunifolomu, n'kusaina.

Panja Jaji anali akuwongola tayi. "Mukanandilowetsa ine, akanalira ameneyo. Ya basi muli nayo, alamu?"

Makina anagulidwa, olira ngati chigayo koma osoka. Sabata yomweyo Jaji anabwera ndi thalauza long'ambika kumbuyo, akumwetulira zachibale.

"Apa palibe zokambirana, alamu," anatero Mai Telala osadzutsa mutu. "Mtengo ndi 200 sauzande. Mulipiriretu."